Oyendera sukulu amafuna chiyani m'chikonzekero cha phunziro?

"Zikomo bambo. Ndine mphunzitsi wa Sitandade 6, ndipo chino ndi chaka changa chachiwiri chichokereni ku koleji. Teremu yatha a PEA, alangizi a zamaphunziro a zoni yathu, anandionerera ndikuphunzitsa Chichewa. Chikonzekero ndinali nacho, cha masamba awiri, cholembedwa mwaukhondo, ahedi atasayina kale. Koma pa pepala lawo anandilembera kuti chikonzekero ndi phunziro sizinagwirizane. Sindinamvetse, ndipo ndinachita manyazi kufunsa. Tsopano tamva kuti oyendera sukulu abwera teremu ino. Kodi kwenikweni amayang'ana chiyani m'chikonzekero? Ana m'kalasi mwanga alipo 94, mabuku a ophunzira ndi 20 okha."

Aphunzitsi, khazikani mtima pansi. Mawu amene anakulemberaniwo ine ndinawalembapo kambirimbiri pa zaka zimene ndinkayendera sukulu, ndipo kawirikawiri ndinkawalembera aphunzitsi akhama, osati aulesi. Mphunzitsi waulesi timamupeza alibe chikonzekero n'komwe, ndiye nkhani yake imakhala ina. Vuto lanuli limathetseka mosavuta munthu akangodziwa mmene woyenderayo amawerengera pepala lija akakhala pa mpando kumbuyo kwa kalasi.

Ndikalowa m'kalasi, ndinkapempha zinthu zitatu phunziro lisanayambe: kope la zikonzekero, sikimu, ndi buku la mphunzitsi. Mphindi ziwiri zoyambirira zinkangopita pa zapamwamba. Tsiku ndi la lero? Nthawi ikugwirizana ndi ndandanda wa maphunziro umene wakhomedwa pa khoma? Mutuwu ulipo mu sikimu pa sabata ino, ndipo sikimuyo yachokeradi mu silabasi ya ku Malawi Institute of Education ku Domasi? Ahedi kapena oyang'anira chigawo anasayina? Zimenezi ndi zofunika, koma sizichedwetsa munthu. Ngati muli m'mbuyo ndi masabata awiri chifukwa cha maliro, mvula kapena matenda, lembani chifukwacho mu sikimu pa malo a ntchito yomwe yaphunzitsidwa, ndipo woyendera wanzeru adzamvetsa. Chimene sangamvetse ndi sikimu yonena kuti muli pa sabata lachisanu ndi chimodzi pamene makope a ana akuonetsa ntchito ya sabata lachitatu.

Ndikatha apo, chala changa chinkapita pa zizindikiro za kakhonzedwe, ndipo chinkakhala pomwepo mpaka belu kulira. Kuchokera pa kusintha kwa maphunziro a pulayimale kumene kunayamba kulowa m'makalasi mu 2007, chikonzekero sichifunsanso kuti mphunzitsi aphunzitsa chiyani. Chimafunsa kuti mwana akamatuluka m'kalasi akhala akutha kuchita chiyani. Choncho woyendera amatenga chizindikiro chilichonse ngati lonjezo limene mwapanga nokha, ndipo amalitsata ngati mlenje wotsata mapazi a nyama. Amafuna aone sitepe imene ikuphunzitsa chinthucho, kenako ntchito imene ana achita ndi manja awo kapena pakamwa pawo, kenako malo amene inu muonere ngati akhozadi. Mapaziwo akasowa panjira, ndi pamene amalemba mawu aja anakulemberani. M'buku la Unduna wa Zamaphunziro lotchedwa National Education Standards, lomwe linatuluka mu 2015, muli miyezo 26, ndipo wa nambala 10 ndi wonena za maphunziro okonzedwa bwino. Koma muyezo umenewu suyenda wokha. Woyendera amauona pamodzi ndi wa mmene ana akuphunzirira m'kalasi, wa kayesedwe, ndi wa kufikira ana onse. N'chifukwa chake pepala lokongola palokha silingakupulumutseni.

Ndikufotokozereni phunziro lina limene ndinaonerera pa sukulu ina ya kumudzi, chifukwa likufanana kwambiri ndi nkhani yanu. Linali la Chichewa m'kalasi ya akuluakulu, mphindi 35, mutu wake afotokozi. Mphunzitsiyo anali mtsikana wakhama, zolemba zake zoongoka ngati zotayipa, mizere yojambula ndi rula. Pa zizindikiro za kakhonzedwe analemba zitatu: ophunzira adziwa afotokozi, amvetsa ntchito ya afotokozi, apanga ziganizo zokhala ndi afotokozi.

Ndisanamve ngakhale liwu lake limodzi, ndinadziwa kuti ziwiri zoyambazo zindivuta. Kudziwa ndi kumvetsa zimachitika m'mutu mwa mwana, ndipo ine wokhala kumbuyo sindingazione. Ngakhale mphunzitsi mwini wake sangazione. Mawu amene timafuna ndi a zinthu zooneka ndi zomveka: atchula, apeza, atseka mzere kunsi, asiyanitsa, awerenga, alemba, apanga. Mukalemba kuti "ophunzira apeza afotokozi m'ziganizo", ndingathe kuimirira, kuyang'ana m'makope khumi, ndi kunena kuti asanu ndi awiri apeza, atatu sanapeze. Mukalemba kuti "amvetsa", palibe choti ndiwerenge, ndipo inunso mudzangodalira kufunsa kuti "Mwamva?" Ana athu ndi aulemu, amayankha kuti "Eee" ngakhale sanatolepo kanthu.

Phunziro linayamba ndi nyimbo ya moni imene inatenga mphindi zisanu, yosakhudzana ndi afotokozi. M'chikonzekero munalembedwa kuti chiyambi chikhala kubwereza mayina, zomwe zinali zolondola kwambiri popeza mfotokozi amanena zambiri za dzina, koma zimenezo sizinachitike. Kenako mphunzitsi analemba tanthauzo pa bolodi, nalifotokoza, napereka zitsanzo zake, ana akubwereza pamodzi. Ndinayang'ana wotchi, mphindi 22 zinali zitapita. Pa pepala sitepe imeneyi sinapatsidwe nthawi iliyonse. Atawauza kuti akhale m'magulu, kukokerana malo kokha kunadya mphindi zinayi, ndipo ntchito ya m'magulumo inali kukopera tanthauzo lija m'makope. Belu linalira palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anapanga chiganizo chake. Chizindikiro chachitatu, chokhacho chimene chinali chooneka, sichinakhudzidwe.

Chimene chinandimvetsa chisoni chinali m'munsi mwa tsamba. Pa ndamanga panali patalembedwa kale, phunziro lisanaphunzitsidwe, kuti "Phunziro linayenda bwino, ophunzira ambiri anamvetsa." Nditamufunsa pambuyo pake anagwetsa nkhope, nati anaopa kuti ndikapeza malowo opanda kanthu ndidzati chikonzekero n'chosamaliza. Sanali wabodza, anali wamantha, ndipo palibe amene anamuuzapo kuti malo amenewo amayenera kukhala opanda kanthu mpaka phunziro litatha. Inunso mudziwe zimenezi.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango nthawi yopuma, n'kulilembanso limodzi phunziro lomwelo. Ndikuuzani mmene linatulukira, koma ndiika manambala a kalasi yanu kuti muone kuti n'zotheka ngakhale ndi ana 94.

Tinayamba ndi kuchepetsa malonjezo. Zizindikiro zinatsala ziwiri: ophunzira apeza afotokozi m'ziganizo, ndipo apanga ziganizo zawo zokhala ndi afotokozi. Pa mphindi 35 ndi khamu lotere, ziwiri kapena zitatu n'zokwanira. Ndinaonapo zikonzekero zokhala ndi zizindikiro zisanu ndi chimodzi, zokopedwa zonse m'buku la mphunzitsi pamene bukulo linaziika kuti zikwanire mutu wonse wa masiku angapo. Wolemba chotere amadzitchera yekha msampha, chifukwa woyendera adzawerenga zimene zakwaniritsidwa n'kupeza ziwiri mwa zisanu ndi chimodzi.

Chiyambi tinachipatsa mphindi 4. Mphunzitsi anyamula ndodo ziwiri ndi kufunsa dzina la chinthucho. Ana ati ndodo. Afunsanso kuti, "Ndikakutuma kuti unditengere imodzi, udzadziwa bwanji imene ndikufuna?" Mwana wina adzati yayitali, wina yayifupi. Pamenepo mwabwereza dzina ndipo mwatsegula khomo la mfotokozi, ndi mawu ochokera pakamwa pa ana eni ake. M'chikonzekero, funso limeneli lilembedwe monga mmene mudzalifunsire. Kungolemba kuti "afunsa mafunso okhudza phunziro lapita" sikuonetsa kuti mwaganizira chilichonse. Woyendera akaona mafunso enieni awiri kapena atatu atalembedwa, amadziwa kuti munthuyu anakhaladi pansi usiku.

Sitepe yoyamba, mphindi 7, ndi ya mphunzitsi kuonetsa. Ziganizo zitatu zikhale pa tchati kapena pa bolodi phunziro lisanayambe: Mbuzi yakuda yathawa. Agogo agula mbale zitatu. Mtengo waukulu wagwa. Mphunzitsi apeza dzina m'chiganizo choyamba, afunsa mokweza kuti "mbuzi yotani?", natseka mzere kunsi kwa mawu oti yakuda. Ziwiri zotsalazo achitira pamodzi ndi ana. Tanthauzo la mfotokozi libwere pambuyo pa zitsanzo, ana atakaona kale kanthuko.

Sitepe yachiwiri, mphindi 9, ndi imene ikunyamula chizindikiro choyamba, ndipo apa m'pamene mabuku anu 20 akulowera. Mukagawa 94 ndi 20, buku lililonse ligwera ana anayi kapena asanu. Choncho musalembe chabe kuti "ophunzira akhala m'magulu". Lembani kuti ana asanu amene akhala moyandikana agwiritsa ntchito buku limodzi, pa tsamba lakutilakuti, ndime yoyamba, ndipo apeza afotokozi anayi n'kuwalemba pamodzi ndi mayina amene akufotokozedwa. Palibe kusamuka, palibe kukoka madesiki. Ndipo musalonjeze kuti gulu lililonse lidzafotokozera kalasi yonse. Taganizani: magulu 19 kapena 20, lililonse mphindi imodzi yokha, ndiye kuti mphindi pafupifupi 20 zapita, kuposa theka la phunziro. Woyendera wozolowera amawerengetsera zimenezi m'mutu akangoona pepala, ndipo amadziwiratu kuti mathero sadzafikidwa. Lembani kuti magulu atatu apereka mayankho, limodzi la kutsogolo, limodzi la pakati, limodzi la kumbuyo, ena onse akweza manja ngati apeza zofanana.

Sitepe yachitatu, mphindi 10, mwana aliyense payekha alemba ziganizo ziwiri m'kope mwake ndi kutseka mzere kunsi kwa mfotokozi. Simungachonge makope 94 pa mphindi khumi, ndipo palibe woyendera amene amayembekezera zimenezo. Chimene amafuna kuona n'chakuti mwaganizira njira. Mungalembe kuti muzungulira ndi kuchonga makope 15 ochokera m'mizere yosiyanasiyana, atsikana ndi anyamata, kuphatikizapo ana amene mukudziwa kuti amavutika, ndipo otsalawo muwatolera kuti mukachonge ana akaweruka. Mathero, mphindi 5: ana anayi awerenga ziganizo zawo, anzawo atchula mfotokozi, kenako mupereka ntchito yokachitira kunyumba. Mukaphatikiza 4, 7, 9, 10 ndi 5 mupeza 35. Muziphatikiza nthawi zonse. Ndinapezapo zikonzekero zambiri zimene mphindi zake zinkakwana 50 pa phunziro la mphindi 35.

Taonani tsopano mbali ziwiri zija za tsamba, ya zochita mphunzitsi ndi ya zochita ophunzira. Ine ndinkakonda kuphimba mbali ya mphunzitsi ndi dzanja n'kuwerenga ya ophunzira yokha kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ikamati amvetsera, ayankha, amvetsera, abwereza, akopera, ndinkadziwa kuti ana akhala alendo pa phunziro lawo lomwe. Mu phunziro limene tinalembanso lija mbali imeneyi ikuti atchula, apeza, akambirana, alemba, awerenga. Yesani kuchita zimenezi ndi chikonzekero chanu cha teremu yatha chija. Ndikukhulupirira kuti mupeza pamene panadukira ulusi.

Pali kanthu kena kamene kamasiyanitsa chikonzekero chongokwanira ndi chikonzekero cha munthu wodziwa phunziro lake, ndipo ndimakakonda kwambiri. Ndi kuoneratu pamene ana adzapunthwe. Pa afotokozi, ana amasokoneza mfotokozi ndi muonjezi. Mukawauza kuti apange chiganizo, wina adzalemba kuti "Mwana akuyimba bwino" n'kutseka mzere kunsi kwa bwino. Koma bwino akunena za kayimbidwe, ndiye kuti akunena za mneni, osati za mwana. Mukadakhala kuti munalembamo m'chikonzekero kuti mukakumana ndi zimenezi mudzaika pambali pake chiganizo choti "Mwana wabwino akuyimba" ndi kufunsa kuti ndi mawu ati akuyankha funso loti "mwana wotani?", simungadzidzimuke pamaso pa mlendo. Mzere umodzi wokha umenewu umauza woyendera kuti phunzirolo mumalidziwa mpaka kumizu. Ndinaonapo mphunzitsi akuchonga bwino ngati mfotokozi, kalasi yonse n'kuombera m'manja yankho lolakwa. Cholakwa cha mtundu umenewu chimalemera kwambiri pa lipoti kuposa kuiwala kulemba tsiku, chifukwa ana apita nacho kwawo, mwinanso mpaka pa mayeso a Sitandade 8.

Za zipangizo ndinena mwachidule. Chilichonse chimene mwalemba chioneke m'kalasi ndipo chigwire ntchito pa sitepe inayake. Mukalemba tchati, tchaticho chikhalepo, ndipo mwana wa kumbuyo athe kuchiwerenga. Ine ndinkaimirira kukhoma la kumbuyo kuti ndione ndekha. Musalembe choko ndi bolodi zokha, komanso musalembe mndandanda wautali wa zinthu zimene mulibe. Ndodo ziwiri, mbale, masamba a mitengo, katoni yodula n'kulembapo mawu, zonsezi ndi zimene munaphunzira ku koleji pa TALULAR, njira ija yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pafupi, ndipo zimalemekezedwa kuposa tchati chogula chimene changokhomedwa osakhudzidwa.

Woyendera amafunanso kuona ana anu enieni m'pepalamo. Pa ana 94 sipalephera wina wosamva bwino, wina wosaona patali, mwina mwana wachialubino amene maso ake amavutika ndi zolemba zazing'ono ndi kuwala, ndiponso kagulu kamene kakuwerengabe movutika ngakhale kafika Sitandade 6. Sipafunika ndime yonse. Mzere umodzi pa sitepe yoyenera ndi wokwanira: wosaona bwino akhala kutsogolo ndipo apatsidwa ziganizo zolembedwa ndi malembo akuluakulu pa katoni, ovutika kuwerenga apatsidwa mayina atatu kuti angowonjezera mfotokozi, omaliza msanga apanga chiganizo chokhala ndi afotokozi awiri. Koma mukalemba, chitani. Nthawi ina ndinawerenga kuti ana ovutika athandizidwa mwapadera, ndipo nditafunsa mphunzitsi kuti ndi ati, anayang'ana uku ndi uku osatchula ndi mmodzi yemwe. Kulemba zotere chifukwa choti mawuwo amamveka bwino kumakuonongerani mbiri kuposa kusalemba.

Mwina mukudzifunsa kuti, nanga zinthu zikasintha m'kati mwa phunziro, nditsatirebe pepala? Ayi. Apa aphunzitsi ambiri amatimva molakwa. Tiyerekeze kuti pa chiyambi pomwe mwapeza kuti theka la kalasi silikutha kupeza dzina m'chiganizo. Kuthamangira ku afotokozi chifukwa choti pepala latero ndi kumanga denga pa nyumba yopanda zipupa. Imani, konzani za mayinazo kwa mphindi zisanu, chepetsani sitepe yachitatu kuti ikhale chiganizo chimodzi. Pokambirana pambuyo pake nenani kuti munasintha ndipo perekani chifukwa, kenako lembani zomwezo pa ndamanga. Mphunzitsi wotere ine ndinkamuyamikira. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu wasiya pepala chifukwa cha zimene waona mwa ana, pamene mtsikana ndakuuzani uja analisiya chifukwa nthawi inamuthawa osazindikira. Woyendera amasiyanitsa ziwirizi ndi funso limodzi lokha: "N'chifukwa chiyani simunafike pa sitepe yachitatu?" Konzekerani kuyankha moona.

Tsopano ndikuuzeni za masamba a m'mbuyo, chifukwa ambiri amaiwala kuti kope likakhala m'manja mwa mlendo kwa mphindi 35, sayang'ana tsamba la lero lokha. Amatsegula m'mbuyo. Akapeza kuti chikonzekero cha lero ndi masamba awiri pamene za masabata atatu apitawa ndi mizere isanu isanu, kapena palibe n'komwe, amadziwa kuti laleroli ndi la alendo. Akapeza zikonzekero khumi zolembedwa ndi cholembera chimodzi, dzanja lotopa mofanana, siginecha za ahedi zonse zooneka kuti zinaikidwa nthawi imodzi, amadziwanso. Kenako amatenga makope a ana atatu kapena anayi n'kuyerekeza masiku. Ngati chikonzekero cha Lachiwiri lapitalo chikuti ana analemba chimangirizo koma m'makope mulibe chimangirizo cha tsiku limenelo, palibe chimene munganene. Chonde, musagone usiku wonse mukulemba zikonzekero za masiku amene anapita kale. Ngati pali mipata, ivomereni, ndipo yambani lero kulemba mokhulupirika. Mpata umabweretsa uphungu, mwinanso chenjezo, koma chinyengo chikagwidwa chimachotsa chikhulupiriro pa zonse zimene mwalemba, ngakhale zoona zomwe.

Pa masamba a m'mbuyowo, malo amene ndinkawerenga mwachidwi ndi ndamanga. "Phunziro linayenda bwino" tsiku ndi tsiku kwa teremu yonse sizinena kanthu. Ndamanga yothandiza imamveka chonchi: "Mwa makope 15 amene ndinachonga m'kalasi, 11 anapeza afotokozi molondola. Ana ambiri a mzere wa kumbuyo anatseka mzere kunsi kwa aonjezi monga bwino ndi msanga. Mawa ndiyamba ndi kusiyanitsa ziwirizi." Ndikawerenga zotere ndinkatsegula tsamba lotsatira kuti ndione ngati chiyambi cha mawa lakelo chinatengadi nkhaniyo. Ndikapeza kuti chinatenga, ndinkadziwa kuti ndakumana ndi mphunzitsi amene kope lake ndi chida chogwirira ntchito, ndipo ngakhale phunziro la tsikulo likanapunduka pena, maganizo anga pa iye sakanagwa.

Pa za kutalika kwa chikonzekero, palibe mphoto ya masamba ambiri. Mphunzitsi wa pulayimale amakhala ndi maphunziro angapo pa tsiku, ndipo tikudziwa kuti ambiri mumalemba usiku ndi kuwala kwa tochi kapena foni. Muyeso umene ndinkagwiritsa ntchito ndi uwu: mutadwala m'mawa, mnzanu wa kalasi yoyandikana angatenge pepalali n'kuphunzitsa osakuimbirani foni? Ngati muli tsamba la buku, mafunso enieni, zitsanzo zenizeni, mphindi ndi ntchito ya ana, angathe, ngakhale zonsezo zitakwana tsamba limodzi. Ndipo ngakhale m'makalasi aang'ono, momwe mabuku a mphunzitsi a pulogalamu ya kuwerenga imene inayamba mu 2016 amayala phunziro sitepe ndi sitepe, woyendera amafunabe kuona kuti mphunzitsi waliwerenga, wakonza zipangizo, ndipo waganizira ana ake. Kukopera buku liwu ndi liwu kumaonekera msanga, chifukwa munthu amaphunzitsa maso ali pa pepala, ndipo mwana akafunsa funso la pambali amasowa pogwira.

Musadikire alendo kuti mudziwe pamene muli. Sabata ino tengani chikonzekero chimodzi, mupite nacho kwa oyang'anira chigawo chanu kapena mphunzitsi wina amene mumamukhulupirira, mumupemphe akhale kumbuyo kwa kalasi ndi wotchi. Ntchito zake zikhale ziwiri zokha: kulemba nthawi imene sitepe iliyonse yayamba ndi kutha, ndi kuika chizindikiro pamene waona ana akuchita chimene munalonjeza. Mukachita zimenezi kawiri kapena katatu, mudzadziona nokha pamene mumachedwa. Ambiri amachedwa pa kufotokoza.

Pitaninso kwa a PEA aja. Ntchito yawo yaikulu ndi kulangiza, ndipo sadzakuonani ngati wofooka chifukwa chofunsa. Muwapeze ku TDC, malo ochitirako maphunziro a aphunzitsi a zoni yanu, mutanyamula kope lija ndi pepala limene anakulemberani, munene kuti, "Bwana, ndithandizeni kuona pamene chikonzekerochi chinasiyana ndi phunziro." Ngati mitu ina ya malamulo a chiyankhulo imakuvutani inu eni, nenani poyera kuti ikambidwe pa maphunziro a aphunzitsi a pa sukulu kapena a pa zoni, chifukwa simuli nokha. Ngati muli ndi mwana amene mukuona kuti samva kapena saona bwino ndipo kumuika kutsogolo sikukuthandiza, uzani ahedi ndi makolo ake kuti aonedwe kuchipatala komanso ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera. Zimenezo sizithetsedwa ndi mzere wa m'chikonzekero. Ndipo zikadzachitika kuti lipoti la oyendera lanena chinthu chimene mukuona kuti si choona, funsani umboni wake pa nthawi yokambirana pomwepo, mwaulemu, kope lili lotsegula patsogolo panu. Mukapanda kukhutira, dzerani kwa ahedi, iwo adziwa mokafikitsira nkhaniyo ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu.

Tsiku limene adzabwerelo, phunzitsani phunziro limene lili pa ndandanda ndi mu sikimu. Musabwereze limene ana analiphunzira kale kuti aziyankha mokoma, chifukwa zimadziwika: manja amakwera funso lisanathe, ndipo nthawi zina kamwana kena kamanena mosalakwa kuti, "Madamu, izi tinalemba kale dzulo." Mpatseni mlendoyo kope ndi sikimu akangolowa. Inu mukhale ndi kapepala kakang'ono ka masitepe, mphindi ndi mafunso anu pa tebulo kapena m'dzanja, ndipo malo a ndamanga muwasiye opanda kanthu kufikira mutachonga makope.